Kodi Dimba la Ndiwo Zamasamba Limamwa Madzi Ochuluka Bwanji pa Sabata?

Chaka ndi chaka, mvula ikangoleka m'mwezi wa Epulo, mabanja ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatsikira kumadambo ndi m'mbali mwa timitsinje kukatsegula madimba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madimbawo amabiriwira mokondweretsa, ndipo mpiru, repu, tchayinizi ndi tomato sizisowa pakhomo. Koma pofika Okutobala mabedi ambiri amakhala atafota, ena atasiyidwa osakololedwa. Imeneyi ndiyo nthawi imene ndiwo zomera zokha kulibe, mfutso wayamba kutha m'zikwatu, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera akufunikabe masamba obiriwira tsiku ndi tsiku.

Kawirikawiri vutoli silichokera ku ulesi kapena ku mbewu zoipa. Limayamba pa tsiku lolambula dimba, pamene mwini wake amakonza mabedi ochuluka moyerekeza ndi madzi amene akuwaona m'chitsime nthawi yachisanu, osawerengera madzi amene mabedi omwewo adzafune dzuwa likadzakula. Komatu kuwerengera kumeneku si kwa anthu ophunzira okha. Munthu aliyense wodziwa kuchulukitsa manambala awiri akhoza kudziwiratu makeni amene dimba lake lidzamwe pa sabata, asanafese mbewu ndi imodzi yomwe.

Muyeso wa madzi: milimita ndi lita

Alangizi a zaulimi akamanena za madzi othirira amatchula mamilimita, monga momwe mvula imayezedwera. Akati mbewu zikufuna mamilimita 25 pa sabata, atanthauza kuti madzi onse othiridwa m'masiku asanu ndi awiri, akadakhala kuti sakulowa pansi, akadadikha pamwamba pa bedi kuya kwake mamilimita 25. Kuya kumeneku n'kofanana ndi inchi imodzi ya muyeso wakale, kapena kutalika kwa mfundo yakumapeto ya chala chachikulu cha munthu wamkulu.

Mlimi sanyamula mamilimita ayi, amanyamula keni kapena ndowa. Choncho pafunika njira yosandutsira kuya kwa madzi kukhala malita. Njirayo ndi yapafupi, ndipo ndiyo maziko a kuwerengera konse. Malo otalika mita imodzi ndi kutambasuka mita imodzi amatchedwa sikweya mita imodzi. Lita imodzi ya madzi ikamwazidwa mofanana pa malo otere, imadikha kuya kwa milimita imodzi. Motero milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mamilimita 25 pa sikweya mita imodzi ndi malita 25, ndipo mamilimita 40 ndi malita 40.

Kuchokera pamenepa lamulo lake likhoza kulembedwa pa mzere umodzi:

mulitali × mulifupi × mamilimita a pa sabata = malita a pa sabata

Mulitali ndi mulifupi mwa bedi ziyenera kuyezedwa m'mamita. Yankho likapezeka, ligawidwe ndi malita amene keni ya mlimiyo imalowa, ndipo chotuluka ndicho chiwerengero cha makeni.

Kuyeza mabedi ndi keni

Pali zinthu ziwiri zofunika kuyeza: bedi ndi keni. Poyeza bedi ndi bwino kudula ndodo yowongoka yotalika mita imodzi ndendende. Muyeso wake ukhoza kutengedwa pa tepi ya telala kapena pa rula yaitali ya kusukulu. Ndodoyo isungidwe, chifukwa idzagwira ntchito zaka zambiri. Kuyeza ndi mapazi kumanamiza, pakuti mayendedwe a anthu amasiyana, ndipo phazi la munthu wokwera chitunda limafupika.

Malo oyezedwa ndi okhawo amene pali mbewu. Tinjira ta pakati pa mabedi ndi malo a m'mbali mwa mpanda sizilowa m'chiwerengero, chifukwa sizithiridwa. Munthu amene ayeza dimba lonse kuchokera kumpanda kufika kumpanda amapeza malita ochuluka kuposa oyenera.

Keni nayo iyezedwe, pakuti makeni a m'misika ya Mponela, Madisi kapena Malomo sali a msinkhu umodzi, makamaka okhomedwa ndi amisiri a malata. Njira yake ndi kuthira madzi m'keni pogwiritsa ntchito botolo la lita imodzi kapena chigubu cha malita asanu, ndi kuwerenga kufikira pamene mwini wake amalekezera podzaza masiku onse. Keni yolowa malita 12 ikamanyamulidwa yosadzaza kuti madzi asatayike m'njira, mwina imafikitsa malita 10 okha pabedi. Chowerengedwa ndi madzi ofika pabediwo.

Mamilimita angati pa sabata?

Madzi othiridwa pabedi amachoka m'njira ziwiri. Ena amauma pamwamba pa dothi, ena amakokedwa ndi mizu ndi kutuluka m'masamba ngati nthunzi yosaoneka. Kuthirira ndi kubwezera madzi amene achoka motero. Dzuwa likakula, mpweya ukauma, ndiponso mphepo ikamawomba, madzi ochoka amachuluka. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linafalitsa njira yowerengera madzi amenewa m'buku la mu 1977, ndipo linaikonzanso mu 1998. Njira imeneyi ndiyo imene akatswiri a ulimi wothirira amatsata.

Kumadera okwera a chigawo chapakati, monga Dowa ndi Ntchisi, bedi lodzaza ndi ndiwo zamasamba limataya mamilimita atatu kapena anayi pa tsiku m'miyezi yachisanu ya Juni ndi Julayi. Pa sabata ndiye pafupifupi mamilimita 25. Mu Ogasiti kumayamba kufunda ndipo mphepo imakula, choncho muyeso umakwera kufika pafupifupi mamilimita 30. Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, mpaka mvula itayamba, bedi lomwelo limataya mamilimita asanu kapena asanu ndi imodzi pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 40 pa sabata.

Manambala amenewa ndi poyambira chabe, ndipo malo amawasintha. Dimba la m'munsi mwa phiri la Ntchisi, kumene nkhungu imakhalitsa m'mawa, limafuna madzi ocheperapo. Dimba la kum'mawa kwa Mvera, kumene dziko limatsetsereka kulowera ku Salima ndipo kumatentha, limafuna ochulukirapo. Msinkhu wa mbewu nawo uli ndi mbali yake. Mbande zongowokeredwa kumene zimamwa pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a muyeso wa mbewu zazikulu, pamene tomato amene wayamba maluwa ndi zipatso amapitirira pang'ono muyesowo.

Chitsanzo: dimba la mabedi asanu ndi limodzi

Pofuna kuona momwe kuwerengeraku kumayendera, nachi chitsanzo cha dimba longoyerekeza, la msinkhu umene mabanja ambiri amalima. Mayi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kalumo ku Ntchisi wakonza mabedi asanu ndi limodzi. Bedi lililonse ndi lotalika mamita asanu, mulifupi mwake mita imodzi. Keni yake imafikitsa malita 10, ndipo chitsime chili pa mtunda wa mamita 50 kuchokera pamabedi.

Choyamba ndi kupeza kukula kwa malo. Bedi limodzi ndi masikweya mita asanu, popeza 5 kuchulukitsa ndi 1 ndi 5. Mabedi onse pamodzi ndi masikweya mita 30.

M'mwezi wa Juni muyeso ndi mamilimita 25. Tsono 30 kuchulukitsa ndi 25 ndi 750. Dimbali likufuna malita 750 pa sabata, amene ndi makeni 75. Bedi lililonse likufuna malita 125, ndiye makeni 12 ndi theka. Mayiyu akamathirira katatu pa sabata, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, azithira makeni anayi pa bedi lililonse tsiku lothirira, ndipo akhala atafika pafupi kwambiri ndi muyeso. Ponyamula makeni awiri ulendo umodzi, tsiku lothirira ayenda maulendo 12 opita kuchitsime. Ntchito yotere munthu mmodzi amaitha m'mawa umodzi popanda kulema kwambiri.

M'mwezi wa Okutobala mabedi ndi omwewo, koma muyeso wafika mamilimita 40. Tsopano 30 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1,200. Dimba likufuna malita 1,200 pa sabata, amene ndi makeni 120, ndipo bedi lililonse likufuna makeni 20. Amenewa akhoza kuthiridwa anayi anayi pa masiku asanu, kapena atatu atatu tsiku lililonse.

Ndi bwino kuona chimene manambalawa akutanthauza pa thupi la munthu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Malita 1,200 ndi makilogalamu 1,200, kulemera kofanana ndi matumba 24 a chimanga a makilogalamu 50. Maulendo opita kuchitsime ndi 60 pa sabata, ndipo popeza ulendo uliwonse ndi mamita 100 kupita ndi kubwera, mayiyu ayenda makilomita asanu ndi imodzi, theka la mtundawo atanyamula makilogalamu 20. Ngati ali ndi pakati, kapena ali ndi khanda kumbuyo, katundu wotere ndi wosayenera kuti amunyamule yekha. Banja liyenera kugwirizana pa nthawi yolambula dimba kuti adzathandize kutunga ndani, poganiziranso kuti Okutobala ndi mwezi umene anthu amatanganidwa ndi kugalauza mizere kumunda ndi kuthirira nazale za fodya.

Chitsime ndicho chimalamula kukula kwa dimba

Kuwerengera komweku kukhoza kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, ndipo pamenepa ndi pamene phindu lake lenileni lagona. M'malo mofunsa kuti mabedi akufuna madzi angati, mlimi afunse kuti madzi amene ali nawo angakwanire mabedi angati.

Zitsime zokumba pamanja za m'madimba zimadzaza msanga nthawi yachisanu, koma m'chilimwe madzi amatsika ndipo amabwerera pang'onopang'ono. Mwini chitsime amadziwa bwino khalidwe lake, ndipo ngati chili chatsopano, oyandikana nawo amadziwa za zitsime zawo. Funso ndi ili: mu Okutobala, chitsimechi chimapereka makeni angati pa tsiku, kuphatikiza otunga m'mawa ndi otunga madzulo, chisanafike pamatope?

Ngati chitsime cha mayi wa m'chitsanzo chija chimapereka makeni 10 pa tsiku, ndiye kuti pa sabata chimapereka makeni 70, amene ndi malita 700. Malita 700 akagawidwa ndi mamilimita 40, yankho ndi masikweya mita 17 ndi theka. Amenewa ndi mabedi atatu ndi theka. Choncho chitsime chimene chikhoza kusunga mabedi onse mu Juni, chidzasunga atatu okha mu Okutobala.

Mayiyu akaumirira kugawa malita 700 pa mabedi onse asanu ndi limodzi, bedi lililonse lidzalandira mamilimita 23 okha m'malo mwa 40. Ndiwo zamasamba sizipirira kuchepa kotere. Masamba amachepa ndi kulimba, mpiru ndi tchayinizi zimathamangira kutulutsa maluwa, ndipo mabedi onse amavutika pamodzi. Mabedi atatu okhuta madzi amapatsa banja ndiwo zabwino kuposa mabedi asanu ndi limodzi a ludzu.

Nzeru yake ndi kukonza kafesedwe molingana ndi madzi. Mabedi onse adzalidwe mu Epulo ndi Meyi, pamene madzi ali ambiri. Kabichi ndi anyezi, zimene zimakhalitsa m'dimba, ziyambe msanga kuti zikhwime dzuwa lisanafike pachimake. Mabedi akutali ndi chitsime akakololedwa mu Ogasiti kapena Seputembala, asadzalidwenso. Atatu oyandikira chitsime ndiwo apitirire ndi ndiwo zothyola kawirikawiri, monga repu ndi bonongwe, kufikira mvula itagwa.

Mabanja ena amathirira ndi madzi a pamjigo. Amenewa akumbukire kuti bungwe la zaumoyo la WHO limawerengera malita 20 pa munthu pa tsiku ngati muyeso wochepa wa madzi akumwa, ophikira ndi a ukhondo wofunikira. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limafuna malita 840 pa sabata pa muyeso umenewu. Dimba la masikweya mita 30 mu Okutobala limamwa madzi oposa a banja lonselo. Nchifukwa chake dimba lodalira mjigo wa mudzi liyenera kukhala laling'ono, ndipo mwini wake amvane ndi komiti ya mjigo. Madzi otayikira pamjigo ndi otsukira ndiwo kapena mpunga, opanda sopo wambiri, akhoza kuthandiza pa bedi limodzi kapena awiri.

Kugawa madzi a sabata molingana ndi dothi

Kudziwa malita a sabata yonse sikutanthauza kuti athiridwe tsiku limodzi. Dothi lili ngati mbiya, ndipo likadzaza, madzi owonjezera amapitirira pansi pamene mizu sifika. Mizu yambiri ya ndiwo zamasamba imakhala m'masentimita 30 a pamwamba, pafupifupi kuya kwa rula ya mwana wa sukulu.

Dothi lamchenga limasunga madzi ochepa. M'masentimita 30 amenewo, madzi amene mbewu zikhoza kumwa mosavutika ndi pafupifupi mamilimita 10. Choncho pa dothi lotere makeni anayi kapena asanu pa bedi la masikweya mita asanu ndiwo malire a kuthirira kumodzi, popeza makeni anayi ndi mamilimita asanu ndi atatu. Kuthira makeni 12 nthawi imodzi ndi kutaya mphamvu, ndiponso madzi opitirirawo amatsuka chakudya cha mbewu kupita nacho pansi.

Makande a m'dambo ndi katondo wa m'zitunda zimasunga madzi ochuluka kawiri kapena kuposerapo. Pa dothi lotere, nthawi yachisanu, kuthirira kawiri pa sabata ndi makeni asanu ndi imodzi pa bedi n'kokwanira. Koma dothi limeneli limamwa pang'onopang'ono. Ndi bwino kuthira theka la madzi pa mabedi onse, kenaka kubwerera ku bedi loyamba kukathira theka lotsalalo, madzi oyamba atalowa.

Nazale ili ndi lamulo lakelake. Mizu ya mbande ikadali pamwamba penipeni, choncho imafuna madzi pang'ono tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo kukatentha, othiridwa ndi keni ya chisefa kukamwa kuti mbewu zisakokoloke. Mbande zikawokeredwa ndi kugwira, masiku othirira atalikirane ndipo madzi a tsiku limodzi achuluke, kuti mizu itsike pansi.

Mabedi a pamtsetse

Kuwerengera konseku kumadalira chinthu chimodzi, chakuti madzi othiridwa alowe pa bedi lomwelo. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi madimba ambiri ali pa malo otsetsereka, ndipo bedi lopendekeka limanamiza mwini wake. Akhoza kuthira makeni anayi monga mwa muyeso, koma madzi n'kuthamangira kumunsi, mbewu za kumtunda n'kutsala zouma, za kumunsi n'kumira.

Mabedi a pamtsetse akonzedwe mopingasa, osati motsata kutsetsereka, ndipo pamwamba pake pasalazidwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: keni imodzi ikathiridwa pakati pa bedi, madzi afalikire mbali zonse mofanana. M'chilimwe mabedi olowa pansi pang'ono, okhala ndi kamzere ka dothi kuzungulira m'mbali, ndiwo amasunga madzi. Mabedi okwera ndi a m'dzinja kapena a pa malo a chinyontho chochuluka.

Kuphimbira bedi ndi udzu wouma kumachepetsa madzi ouma pamwamba pa dothi, ndipo manyowa owola bwino amathandiza dothi lamchenga kusunga chinyontho. Mlimi wophimbira amaona kuti dothi likukhalitsa lonyowa, ndipo akhoza kuchepetsako makeni. Udzuwo usagunde tsinde la mbewu, ndipo aziuvundukula nthawi ndi nthawi kuona ngati mwalowa chiswe.

Madzi oyenda m'ngalande

Ubwino wa dziko la mapiri ndi wakuti madzi akhoza kuyenda okha kuchokera kumtunda. Ku Dowa kuli munda wotchuka wa Tikondwe Freedom Gardens, umene malemu Glyvyns Chinkhuntha anauyamba mu 1982 pa kamalo ka mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi, ndipo unadziwika chifukwa choyendetsa madzi m'ngalande popanda injini. Kamalo kotere ndi masikweya mita 100, ndipo pa muyeso wa mamilimita 25 kakufuna malita 2,500 pa sabata, ndiwo makeni 250. Chiwerengerochi chikuonetsa chifukwa chake dimba likamakula mlimi amayenera kufuna njira ina yoposa keni.

Wothirira ndi ngalande, paipi kapena pampu yopalasa ndi mapazi sawerenga makeni, amawerenga mphindi. Aike ndowa ya malita 20 pamene madzi akutulukira ndi kuona nthawi imene yatenga kuti idzaze. Ngati yadzaza m'masekondi 40, ndiye kuti pakutuluka malita 30 pa mphindi. Koma pothirira ndi madzi oyenda pansi, ambiri amatayika. Muyeso wa FAO umati mwa malita 10 alionse, pafupifupi asanu ndi imodzi okha ndiwo amapindulira mbewu. Choncho dimba lofuna malita 1,200 liyenera kutsekuliridwa malita 2,000, ndipo pa malita 30 pa mphindi imeneyi ndi ola limodzi ndi mphindi zisanu ndi ziwiri pa sabata, zogawidwa pa masiku othirira.

Mvula ikagwa

Mvula yoyamba ya mu Novembala imachepetsa ntchito, koma nayo iyezedwe. Chitini chopanda chivundikiro, cha m'mbali mowongoka kuyambira pansi mpaka kukamwa, chiikidwe poyera kutali ndi mitengo. Mvula ikatha, kuya kwa madzi a m'chitinimo kuyezedwe ndi rula. Ngati muli mamilimita 15 ndipo muyeso wa sabatayo ndi 40, otsala ndi 25, ndipo dimba la masikweya mita 30 lithiridwe malita 750 m'malo mwa 1,200.

Kamvula kowaza kosafika mamilimita asanu kasawerengedwe, chifukwa kamangonyowetsa fumbi ndi kuuma tsiku lomwelo. Chimvula cha mamilimita 60 nacho sichitanthauza kuti dimba lakhuta kwa sabata ziwiri, pakuti madzi ambiri amathamanga pamwamba kapena kupitirira pansi. Pakapita masiku atatu kapena anayi a dzuwa, dothi liyesedwe.

Poyeza ndi rula pafunika kusamala kuti masentimita asasokonezedwe ndi mamilimita. Timizere ting'onoting'ono ndiwo mamilimita, ndipo manambala olembedwa ndi masentimita. Sentimita imodzi ndi mamilimita 10. Wosokoneza ziwirizi amalakwitsa kakhumi.

Kudziwa ngati muyeso wakwana

Masamu amapereka poyambira, koma dothi ndi mbewu ndizo zimaweruza. M'mawa wotsatira tsiku lothirira, mlimi akumbe kadzenje pakati pa mbewu, kuya kwake ngati chikhatho chonse, ndi kufumbata dothi la pansi pake. Likagwirana osatuluka madzi, muyeso uli bwino. Likamwazika ngati ufa, madzi sanafike kumizu, ndipo makeni awonjezedwe. Likatuluka madzi kapena kunanda ngati phala, achepetsedwe.

Masamba ofota masana dzuwa lili paliwombo, n'kudzuka madzulo, si chizindikiro choopsa. Ofota m'mamawa ndiwo akunena za ludzu lenileni, pokhapokha ngati dothi lili lonyowa, pamene vuto limakhala la mizu yowola kapena matenda. Tomato wothiridwa mosinthasintha, lero madzi ambiri kenaka masiku ambiri osalandira, amada ndi kuwola kunsi kwa chipatso, kapena kung'aluka khungu. Kabichi wokhwima amene wakhala ndi ludzu n'kulandira madzi ambiri mwadzidzidzi amaphulika mutu. Zonsezi zikusonyeza kuti malita a sabata ayenera kugawidwa mofanana.

Madzi opyola muyeso nawo ali ndi zizindikiro zake. Masamba a m'munsi amasanduka achikasu, pamwamba pa dothi pamamera ndere zobiriwira, ndipo mbande za pa nazale zimawola patsinde ndi kugwa. Choopsa china chimakhudza anthu. Madzi odikha m'tinjira ndi m'mapondedwe a pafupi ndi chitsime ndi malo amene udzudzu wofalitsa malungo umaikira mazira, ndipo nyengo yotentha dzira limafika pokhala udzudzu wouluka m'masiku ongopitirira pang'ono sabata imodzi. Bedi lothiridwa pa muyeso limamwa madzi ake onse pasanathe ola limodzi kapena awiri. Zithaphwi zotsala zikwiriridwe kapena zitsekuliridwe njira.

Ntchito yonseyi imafuna ndodo ya mita imodzi, keni yodziwika malita ake, ndi manambala awiri osavuta kukumbukira: malita 25 pa sikweya mita nthawi yachisanu, ndi malita 40 m'chilimwe. Kuwerengera kuchitike mu Epulo, khasu lisanagwire dothi, ndipo nambala yogwiritsa ntchito posankha kuchuluka kwa mabedi opitirira mpaka mvula ikhale ya Okutobala. Amene avutike ndi masamu akhoza kutenga miyeso ya mabedi ndi ya keni yake kupita nayo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo ya ana, kuti awerengere limodzi.